Tebulo Lotambalala la Excel Likakana Kukwana pa Tsamba la PDF: Zizindikiro, Zoyambitsa ndi Kakonzedwe Kake

Vutoli limabwerezabwereza chifukwa wekishiti ya Excel ilibe malire ooneka kumanja, pomwe tsamba la PDF lili ndi muyezo wokhazikika ngati wa pepala lenileni. Tebulo likaposa muyezowo, Excel imakhala ndi njira ziwiri zokha: kulidula n'kupititsa makolamu otsala pa tsamba lina, kapena kulichepetsa lonse mpaka likwane. Anthu ambiri amangothawa vuto loyamba n'kugwera m'lachiwiri, chifukwa amayamba ndi kuchepetsa mlingo asanachepetse kutambalala kwa tebulolo. Mayina a mabatani amene ali m'munsimu ndi a Excel ya pa kompyuta ya Windows, ndipo pa Mac kapena pa Excel ya pa intaneti ena amakhala pamalo osiyanako.

Yambani ndi kuwerengera kukula kwa zilembo

Musanasinthe chilichonse, tsegulani `Page Layout` n'kuyang'ana nambala imene ili pa `Scale`. Kukula kwa zilembo mu PDF ndi kukula kwa zilembo za mu wekishiti kuchulukitsa ndi nambala imeneyi. Zilembo zimene Excel imayambira nazo ndi za mapointi 11, choncho pa mlingo wa 75 peresenti zimatuluka za mapointi 8 ndi pang'ono, pa 60 peresenti zimatsikira pa 6.6, ndipo pa 40 peresenti zimakhala za mapointi 4.4, zimene munthu sangawerenge popanda kukulitsa. Malire amene ine ndimatsatira ndi mapointi 8 pa chikalata chimene chidzasindikizidwe pa pepala, kutanthauza kuti mlingo usatsike kwambiri pansi pa 70 peresenti ngati zilembo zili za mapointi 11.

Nambala yachiwiri yofunika kuidziwa ndi mpata weniweni umene tsamba lili nawo. Pepala la A4 ndi la masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali. Likaimirira, ndipo mipata ya m'mphepete ikakhala pa `Normal`, patsala masentimita pafupifupi 17.4 a tebulo. Likagona chopingasa patsala pafupifupi 26.1, ndipo mukasankha `Narrow` patsala pafupifupi 28.4. Mukagawa mpata umenewu ndi kutambalala kwa tebulo lanu, mudziwiratu mlingo umene Excel idzagwiritse ntchito. Kutambalala kwa kolamu iliyonse kumaoneka m'masentimita kapena m'mainchi mukalowa mu `View`, kenako `Page Layout`, n'kudina pa malire a kolamuyo.

Chizindikiro choyamba: tebulo lonse lakwana, koma zilembo ndi zing'onozing'ono kwambiri

Zoyambitsa, kuyambira chimene chimachitika kawirikawiri:

1. Pa `Print` mwasankha `Fit Sheet on One Page` m'malo mwa `Fit All Columns on One Page`.
2. Tsamba likadali choimirira, ndipo mipata ya m'mphepete ndi yaikulu.
3. Makolamu ndi otambalala kuposa zimene zili mkati mwake.
4. Pali chinthu chimene chinatsalira kutali kumanja kwa tebulo.
5. Tebulo ndi lalikuludi, moti silingakwane pa tsamba limodzi.

Choyambacho n'chosavuta kuchizindikira, chifukwa PDF imakhala ya tsamba limodzi lokha, tebulo litapanikizika ngati kachingwe kowonda ndipo mbali yaikulu ya tsamba ili yopanda kanthu. Chimene chachitika n'chakuti Excel yauzidwa kuti ikwanitse mizere yonse pamodzi ndi makolamu onse pa tsamba limodzi, ndipo tebulo likakhala ndi mizere 300, kutalika n'kumene kumalamulira mlingo, osati kutambalala. Pokonza, pitani pa `Page Layout` n'kuika `Width` pa `1 page` ndi `Height` pa `Automatic`. Ngati mukugwiritsa ntchito bokosi la `Page Setup`, sankhani `Fit to`, lembani 1 m'kabokosi koyamba, ndipo kachiwiri mufufute nambala imene ilimo kuti kakhale kopanda kanthu. Mukatero mizere idzapitirira pa masamba ambiri mmene ikufunira, ndipo makolamu okha ndiwo adzakakamizidwe kukwana.

Chachiwiri chimatha ndi kudina kuwiri: `Orientation` ikhale pa `Landscape`, ndipo `Margins` ikhale pa `Narrow`. Kuchoka pa masentimita 17.4 kufika pa 28.4 kumakulitsa zilembo ndi theka n'kupitirira popanda kukhudza tebulo. Ngati PDF idzasindikizidwa n'kubooledwa kuti ilowe m'faelo ya mapepala, siyani mpata wokulirapo kumbali imene kudzabooledwe, apo ayi mabowo adzadya manambala.

Chachitatu ndi pamene pali phindu lalikulu, ndipo ndi pamene anthu safuna kutherapo nthawi. Kawirikawiri chimene chimatambalitsa kolamu si manambala ake koma mutu wake: mutu wa mawu anayi umakakamiza kolamu ya manambala a zilembo zisanu kukhala yaikulu kuwirikiza kawiri. Sankhani mzere wa mitu, dinani `Wrap Text` kuti mawu atsikire pa mzere wachiwiri ndi wachitatu mkati mwa kabokosi komweko, ndipo kenako chepetsani kolamu mpaka ifanane ndi nambala yaitali kwambiri imene ili m'menemo. Manambala a pambuyo pa kadontho amene wowerenga sawafuna achotseni ndi `Decrease Decimal`, chimene chimasintha kaonekedwe kokha osakhudza nambala yeniyeni. Manambala akakhala aakulu kwambiri mukhoza kuwaonetsa m'masauzande polemba ichi mu `Format Cells`, pansi pa `Custom`:

```
#,##0,
```

Nambala ya 1,254,300 idzaoneka ngati 1,254, ndipo muyenera kulemba pa mutu wa tebulo kuti manambala ali m'masauzande, chifukwa wowerenga PDF alibe njira yodinira kabokosi kuti aone nambala yonse. Makolamu amene ndi othandizira mafomula okha, kapena amene wolandira lipoti sawafuna, abiseni ndi `Hide`, popeza makolamu obisika sasindikizidwa ndipo satenga malo pa tsamba. Kubisa n'kwabwino kuposa kufufuta, chifukwa mukafufuta kolamu imene fomula ina imaidalira mudzapeza `#REF!` m'malo amene simunayembekezere.

Chachinayi chimasokoneza chifukwa tebulo limaoneka laling'ono pa sikirini, koma mu PDF limakanikizidwira kumanzere ndipo kumanja kuli mbee. Excel imasindikiza mpaka pa kabokosi komaliza kamene kali ndi chinthu, ngakhale chinthucho chikhale kadontho kolembedwa mwangozi, mpata umodzi wodinidwa pa kiyibodi, mzere wa malire, mtundu wopakidwa, kapena fomula yotulutsa mawu opanda kanthu. Dinani `Ctrl+End` kuti muone pamene Excel ikuganiza kuti wekishiti ikuthera. Ngati tebulo lanu likuthera pa kolamu Q koma mwafikitsidwa pa AK, mwapeza poyambira kufufuza. Zithunzi ndi mabokosi a mawu sizioneka mwa njira imeneyi, choncho tsegulaninso `Selection Pane` pansi pa `Find & Select` kuti muone mndandanda wake. Njira yachidule komanso yosaononga kanthu ndi kusankha tebulo lenileni n'kudina `Print Area`, kenako `Set Print Area`, kuti zonse za kunja zisawerengedwe.

Palinso vuto lina laling'ono lofanana ndi limeneli, pamene zilembo zimachepa m'timabokosi tina tokha osati m'tebulo lonse. Pamenepo yang'anani `Shrink to fit` mu `Format Cells`, pansi pa `Alignment`, n'kuichotsa.

Chitsanzo: tebulo la makolamu 17

Tiyerekeze lipoti la katundu wogulitsidwa m'chaka chonse. Kolamu A ndi ya nambala ya katundu ndipo ndi ya masentimita 2, kolamu B ndi ya dzina la katundu ndipo ndi ya 6.5, makolamu C mpaka N ndi a miyezi 12 ndipo iliyonse ndi ya 2.6, kolamu O ya zonse pamodzi ndi ya 2.8, kolamu P ya avereji ndi ya 2.5, ndipo kolamu Q ya ndemanga ndi ya masentimita 7. Zonse pamodzi ndi masentimita 52.

Pa A4 yoimirira ya mipata ya `Normal`, 17.4 kugawa ndi 52 kukupereka mlingo wa pafupifupi 33 peresenti, kutanthauza zilembo zosafika mapointi 4. Mukagoneka tsamba n'kusankha `Narrow`, mlingo ukukwera kufika pa 54 peresenti ndipo zilembo zikufika pa mapointi 6. Apa ndi pamene ambiri amalekera n'kutumiza, koma chikalata choterechi chimawerengeka pa sikirini yokha munthu akachikulitsa.

Tsopano tichepetse tebulo lenilenilo. Mitu ya miyezi inali ndi mawu obwerezabwereza onena za kugulitsa pamodzi ndi chaka, ndipo mawu amenewo akapita pa mutu waukulu wa lipoti n'kutsala dzina la mwezi lokha, ndiponso manambala a pambuyo pa kadontho akachotsedwa, kolamu iliyonse ya mwezi ikukwana pa masentimita 1.9. Pamenepo pokha papulumuka masentimita 8.4. Dzina la katundu likapindidwa ndi `Wrap Text` likukwana pa 5, ndemanga pa 4.2, nambala ya katundu pa 1.8, zonse pamodzi pa 2.2, ndipo avereji pa 2. Tebulo latsika kufika pa masentimita 38, ndipo 28.4 kugawa ndi 38 kukupereka mlingo wa pafupifupi 74 peresenti, zilembo za mapointi 8. Palibe nambala imene yatayika, ndipo makolamu onse 17 ali pa tsamba limodzi. Mtengo wake ndi wakuti mizere imene mawu ake apindidwa yatalika, choncho masamba achulukirapo kutsika m'munsi, zimene sizivutitsa wowerenga ngati mmene zilembo zazing'ono zimachitira.

Likanakhala kuti lipotili lili ndi miyezi 24, kuchepetsa konseku sikukanakwanira, chifukwa tebulo likanapitirira masentimita 60. Ichi ndi choyambitsa chachisanu chija, ndipo mankhwala ake ndi kuligawa mwadala m'malo molisiya kuti Excel ilidule pamene yafuna.

Chizindikiro chachiwiri: makolamu ena adumphira pa tsamba lina

Zoyambitsa:

1. Mlingo uli pa `No Scaling` ndipo tebulo laposa tsamba pang'ono chabe.
2. Pali malire a tsamba amene munthu wina anaika pamanja kale.
3. Mawu aatali asefukira kunja kwa kolamu yomaliza.
4. Malo osindikiza ali ndi zigawo zosalumikizana.

Chida chofufuzira zonsezi ndi chimodzi, `Page Break Preview`, chimene chili pansi pa `View`. Mmenemo mzere wabuluu wodukaduka ndi malire amene Excel yaika yokha, ndipo mzere wabuluu wosaduka mkati mwa tebulo ndi malire oikidwa ndi munthu. Ngati mzere wodukaduka wasiya kolamu imodzi kapena ziwiri kunja, `Fit All Columns on One Page` idzazibweza ndi kuchepetsa kochepa, mwina kufika pa 90 kapena 85 peresenti, kumene sikuvuta. Ngati mukuona mzere wosaduka pamalo osayenera, dinani `Breaks`, kenako `Reset All Page Breaks`, koma dziwani kuti zimenezi zimachotsa malire onse oikidwa pamanja mu wekishiti imeneyo, kuphatikizapo amene anali ndi ntchito.

Samalani ndi kukoka mzere wodukaduka kupita kumanja. Kumaoneka ngati mukukulitsa tsamba, koma chimene Excel imachita ndi kutsitsa mlingo mwakachetechete, ndipo mukakoka kangapo mudzapeza `Scale` ili pa 45 peresenti musakudziwa kuti yafika bwanji pamenepo.

Choyambitsa chachitatu chimatulutsa tsamba lokhala ndi mawu ochepa chabe, monga mchira wa mutu wautali umene unalembedwa m'kabokosi kamodzi kapena ndemanga ya mu kolamu yomaliza imene yasefukira m'timabokosi topanda kanthu. Pindani mawuwo ndi `Wrap Text` kapena afupikitseni. Chachinayi chimabwera munthu akasankha makolamu A mpaka D, n'kugwira `Ctrl` n'kusankhanso H mpaka L, pofuna kudumpha a pakatiwo. Excel imaika chigawo chilichonse pa tsamba lakelake, ngakhale zonse zikadakwana pamodzi. Njira yolondola ndi kusankha A mpaka L monga chigawo chimodzi n'kubisa E, F ndi G.

Kugawa tebulo mwadala pa masamba awiri

Tebulo logawidwa bwino limawerengeka kuposa lokakamizidwa, bola zinthu zitatu zichitike: lidulidwe pamalo omveka, makolamu ozindikiritsa mzere abwerezedwe pa tsamba lililonse, ndipo masamba atsatane mwa dongosolo lothandiza. Tibwerere ku tebulo la masentimita 38 lija, tiyerekeze kuti wolandira akufuna zilembo za kukula kwake konse.

1. Mu `Page Setup` sankhani `Adjust to` n'kuika 100, chifukwa `Fit to` imatha kunyalanyaza malire oikidwa pamanja.
2. Sankhani kolamu I yonse, imene ndi ya Julayi, n'kudina `Breaks`, kenako `Insert Page Break`. Malire amagwera kumanzere kwa kolamu imene mwasankha.
3. Dinani `Print Titles`, ndipo pa `Columns to repeat at left` mulembe `$A:$B`.
4. Pa `Rows to repeat at top` lembani mzere wa mitu, mwachitsanzo `$3:$3`.
5. Pa `Page order` sankhani `Over, then down`.

Tsamba loyamba lidzakhala ndi A ndi B pamodzi ndi Januwale mpaka Juni, masentimita 18.2. Lachiwiri lidzakhala ndi A ndi B zobwerezedwa, Julayi mpaka Disembala, zonse pamodzi, avereji ndi ndemanga, masentimita 26.6, amene akukwana m'masentimita 28.4 popanda kuchepetsa chilichonse. Musaiwale kuti makolamu obwerezedwa amadya malo pa tsamba lachiwiri, choncho powerengera muziwaphatikiza, ndipo muzibwereza okhawo amene wowerenga akufunikira kuti adziwe mzere umene ali.

Gawo lachisanu lija ndi limene limaiwalika. Excel ikasiyidwa yokha imatsata `Down, then over`, kutanthauza kuti imatsiriza mizere yonse ya theka lakumanzere isanayambe lakumanja. Pa tebulo la masamba 10 kutsika m'munsi, Januwale wa katundu wina adzakhala pa tsamba 1 ndipo Julayi wake pa tsamba 11. Mukasankha `Over, then down` magawo awiri a mzere umodzi amakhala pa masamba oyandikana. N'kothandizanso kuika `&[Page]` ndi `&[Pages]` m'munsi mwa tsamba kudzera mu `Header/Footer`, kuti mapepala akasokonekera abwezeretsedwe.

Nanga pepala la A3?

A3 ndi ya masentimita 29.7 ndi 42, ndipo ikagona ndi mipata ya `Narrow` imapereka pafupifupi masentimita 40.7. Tebulo la masentimita 52 lija likanakwana pa 78 peresenti popanda kulikhudza. Iyi ndi njira yabwino ngati PDF idzawerengedwa pa sikirini yaikulu kapena kusindikizidwa pa pulinta yotenga A3. Koma wolandirayo akaisindikiza pa A4, tsamba lonse limachepetsedwa kufika pa pafupifupi 71 peresenti, ndipo zilembo zimabwerera pa mapointi 6 omwe aja. Vutolo silinathe, langosamukira pa desiki ya munthu wina, choncho funsani kaye mmene chikalatacho chidzagwiritsidwire ntchito.

Ngati A3 sikupezeka pa `Size`, chifukwa chake n'chakuti Excel imatenga mndandanda wa mapepala kuchokera ku pulinta imene yasankhidwa, ngakhale pamene mukungopanga PDF. Lowani mu `File`, kenako `Print`, sankhani `Microsoft Print to PDF` monga pulinta, ndipo A3 idzaoneka.

Chizindikiro chachitatu: mitu ya makolamu ili pa tsamba loyamba lokha

Choyambitsa chachikulu ndi kuganiza kuti `Freeze Panes` imagwiranso ntchito posindikiza, pomwe iyo imakhudza sikirini yokha. Chofunika ndi `Rows to repeat at top` monga tafotokozera. Ngati malo olembapo ali otuwa ndipo sakulola kulemba, nthawi zambiri mwatsegula `Page Setup` kuchokera pa `Print`. Tulukani n'kuitsegula kudzera pa `Print Titles` mu `Page Layout`. Zimatuwanso ngati mwasankha mawekishiti angapo nthawi imodzi, ndipo batani la `Print Titles` lenilenilo silidinika ngati mukadali mkati molemba m'kabokosi.

Chizindikiro chachinayi: mu PDF muli `####` kapena mawu odukira, pomwe pa sikirini zili bwino

1. Kolamu yachepetsedwa mpaka pamalire penipeni.
2. Msinkhu wa mzere unaikidwa pamanja ndipo sukula wokha.
3. Mawu ali m'timabokosi tolumikizidwa.
4. Fayilo yatsegulidwa pa kompyuta imene ilibe mtundu wa zilembo umene unagwiritsidwa ntchito.

Vuto limeneli limabwera kwambiri kwa munthu amene wachita khama pochepetsa makolamu. Excel imayeza zilembo mosiyana pang'ono pa sikirini ndi posindikiza, moti nambala imene yakwana ndendende pa sikirini ikhoza kulephera mu PDF, ndipo nambala kapena deti likalephera kukwana limasanduka `####`. Siyani kampata kokwana chilembo chimodzi kapena ziwiri mu kolamu iliyonse ya manambala, ndipo yang'anitsitsani mzere wa zonse pamodzi, chifukwa manambala ake ndi aatali kuposa ena ndipo kawirikawiri amakhala ochindikala.

Pa mawu odukira m'munsi, sankhani mizereyo n'kudina `Format`, kenako `AutoFit Row Height`. Zimenezi sizigwira ntchito pa timabokosi tolumikizidwa ndi `Merge & Center`, ndipo pamenepo msinkhu umayenera kuikidwa pamanja, n'kuwonjezerapo pang'ono. Mzere sungapitirire mapointi 409, choncho ndemanga yaitali kwambiri mu kolamu yopapatiza idzadukabe ngakhale mutatani, ndipo ndi bwino kuiika pansi pa tebulo.

Chizindikiro chachisanu: wekishiti imodzi yatuluka bwino, zina zasokonekera

Makonzedwe a tsamba ndi a wekishiti iliyonse payokha, si a fayilo yonse. Mukakonza yoyamba n'kusankha `Entire workbook` popanga PDF, zinazo zimatuluka ndi makonzedwe awo akale. Mukhoza kusankha mawekishiti angapo pogwira `Ctrl` n'kudina mayina awo m'munsi, kenako n'kuika `Orientation`, `Margins`, `Size` ndi mlingo kamodzi. Malo osindikiza ndi mitu yobwerezedwa zimafuna kuikidwa pa iliyonse payokha. Mukamaliza, dinani kumanja pa dzina la wekishiti n'kusankha `Ungroup Sheets` musanalembe kanthu, popeza chilichonse cholembedwa mawekishiti ali pamodzi chimalowa m'onsewo n'kufafaniza zimene zinalipo.

Dziwaninso kuti `Width` ya `1 page` imapereka mlingo wosiyana pa wekishiti iliyonse, ndipo imangochepetsa, sikulitsa kupitirira 100 peresenti. Ngati mukufuna kuti zilembo zifanane m'chikalata chonse, onani mlingo wa wekishiti yotambalala kwambiri n'kuulemba pa `Adjust to` m'zonsezo.

Chizindikiro chachisanu n'chimodzi: zinali bwino mwezi watha, lero zabwereranso

1. Mwawonjezera kolamu kapena mizere kunja kwa malo osindikiza akale, ndipo zatsopanozo sizikuoneka mu PDF.
2. Mwawonjezera makolamu mkati, ndipo `Fit to` yatsitsa mlingo popanda kukuchenjezani.
3. Fayilo ikutsegulidwa pa kompyuta ya pulinta ina, kapena pepala lasintha kuchoka pa A4 kupita pa `Letter`, limene likagona ndi lalifupi ndi masentimita pafupifupi 1.8.
4. Lipoti limatulutsidwa mwatsopano nthawi zonse kuchokera m'pulogalamu ina, kapena limasungidwa monga CSV, mtundu umene susunga makonzedwe a tsamba ngakhale kutambalala kwa makolamu.
5. Pa `Options` posunga PDF pachongedwa `Ignore print areas`.

Choyamba n'choopsa kuposa zonse chifukwa PDF imaoneka yaudongo, koma ikusowa mwezi womaliza kapena mizere ya pansi. Nthawi zonse yerekezani kolamu yomaliza ndi mzere womaliza wa PDF ndi za mu wekishiti musanatumize. Pa lipoti la mwezi ndi mwezi, sungani fayilo imodzi yokonzedwa kale monga chikombole, ndipo muzimata manambala atsopano ndi `Paste Special`, kenako `Values`, kuti makolamu asasinthe kukula. Ngati mumabisa makolamu posindikiza n'kuwabweza pogwira ntchito, `Custom Views` pansi pa `View` imasunga maonekedwe onse awiri, ngakhale kuti sigwira ntchito m'fayilo imene muli tebulo lopangidwa ndi `Format as Table`.

Pamene muyenera kuima n'kuitana wodziwa

Zonse zimene zili pamwambazi n'zobwezeka, makamaka ngati mukugwira ntchito pa kope la fayilo. Koma pali zina zimene si zanu kukonza nokha:

- Wekishiti ndi yotsekedwa ndi mawu achinsinsi ndipo simungasinthe makolamu. Funsani amene anaipanga m'malo mofufuza njira yothyolera, chifukwa kutsekako kumateteza mafomula.
- Makonzedwe amabwerera pakale mukangotsegula kapena kusindikiza, makamaka m'fayilo yothera ndi `.xlsm`. Mwina muli malamulo a VBA, timapulogalamu tolembedwa mkati mwa fayiloyo, amene akuika makonzedwe awoawo, ndipo ayenera kusinthidwa ndi amene amawasamalira.
- Mukufuna kutembenuza tebulo kuti miyezi ikhale m'mizere, kapena kufufuta makolamu, pomwe mafayilo ena amawerenga kuchokera m'fayilo imeneyi. Kusintha malo a timabokosi kukhoza kuononga malipoti amene inu simuwaona.
- Excel imaima kapena kutseka yokha mukatsegula `Page Setup` kapena `Print`, kapena imanena kuti palibe pulinta. Vuto limakhala pa pulogalamu yoyendetsa pulinta, ndipo pa kompyuta ya kuntchito imeneyi ndi ntchito ya oyang'anira makompyuta.
- Chikalatacho ndi fomu imene maonekedwe ake analamulidwa ndi ofufuza za chuma, khoti kapena bungwe lolandira. Musabise kolamu, kufupikitsa mutu kapena kuonetsa manambala m'masauzande musanafunse ngati n'zololedwa.

Mukamapereka fayilo kwa wodziwayo, mupatseni kope lake pamodzi ndi PDF yolakwikayo, ndipo mumuuze nambala imene ili pa `Scale`, kukula kwa pepala, dzina la pulinta imene yasankhidwa, ndi kabokosi kamene `Ctrl+End` ikufikira. Ngati mu fayilo muli makolamu obisika okhala ndi malipiro a anthu kapena zinsinsi zina, kumbukirani kuti mu PDF saoneka koma mu fayilo ya Excel akadalimo, choncho pezani kaye chilolezo cha mwini wake musanaitumize kunja kwa ofesi.